Kalembedwe ka mawu a pansi pa chithunzi cha anthu ali pa ntchito: chitsanzo cha okonza mjigo ku Ntcheu

Aliyense amene anatsegulapo lipoti la bungwe loona za madzi anachionapo chithunzi ichi: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi aimirira mozungulira mjigo, onse akumwetulira, wina wanyamula sipanala m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndipo pansi pake palembedwa kuti, "Komiti ya mjigo ikusangalala ndi madzi aukhondo." Mawu otere ndinawalembapo kangapo ine mwini, mpaka tsiku limene mayi wina, amene anali wapampando wa komiti ya mjigo m'mudzi wina wa m'boma la Ntcheu, anawerengeredwa zimene ndinalemba pansi pa chithunzi chawo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, tsiku lija ife tinabwera kudzaseka?" Mayiwo anali atatha m'mawa wonse akutulutsa marodi, zitsulo zazitali za mkati mwa mjigo, m'chitsime, ndipo ndi iwo amene anazindikira chimene chinavuta, koma m'mawu anga munalibe chilichonse chosonyeza kuti amadziwa kanthu.

Malangizo otsatirawa ndawamanga pa ntchito imodzi yokha, yokonza mjigo wa Afridev, chifukwa ndi ntchito imene luso lake silionekera pa chithunzi. Munthu wogwira kachitsulo m'manja amaoneka chimodzimodzi, kaya akudziwa chimene akuyang'ana kaya wangopatsidwa kuti agwirire. Kusiyana kwake kumanenedwa ndi mawu a pansi pa chithunzi, ndipo mawuwo amayamba kulembedwa pamalo a ntchito pomwepo, wojambula asanachoke.

Choyamba: dziwani ntchitoyo pang'ono musanatulutse kamera

Simufunika kukhala mmisiri, koma muyenera kudziwa maina a zinthu zimene zikugwiridwa ndi dongosolo limene ntchito imatsata, apo ayi mudzalemba kuti "akukonza" pa chithunzi chilichonse. Mjigo wa Afridev unapangidwa kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi ndi mbedza yokokera futuvavu, ndipo mbiri yake ili ndi mizu ku Ntcheu komwe kuno: mjigo wotchedwa Maldev, umene Afridev anachokerako, unayesedwa m'chigwa cha Livulezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ntchito youwongolera isanapitirire ku Kenya. Pokonza, amasula chivundikiro cha kumutu, achotsa chogwirira, natulutsa marodi limodzilimodzi, lililonse lotalika pafupifupi mamita 3 ndi lokolekedwa ku linzake, mpaka pulanja, chipangizo chokokera madzi kumwamba, itatuluka kumapeto. Pa pulanjapo pali yusilo, kamphira kamene kamanyamula madzi, ndi bobini, kamphira kotseka ndi kutsegula njira ya madzi. Pansi penipeni patsala futuvavu, imene imaletsa madzi kubwerera m'chitsime. Pamene chogwirira chimazungulirira pali mabushi apulasitiki.

Zimenezi mukhoza kuziphunzira m'mphindi 15 ngati mufika msanga ndi kupempha mmisiri wa m'deralo kapena wa komiti kuti akuyalireni zipangizo pa chiguduli, akutchulireni dzina la chilichonse. Lembani maina monga momwe iwo akuwatchulira. Ngati akuti "pulanja", nanunso lembani pulanja, musasanduze kukhala "chipangizo chokokera madzi" poganiza kuti mukuthandiza owerenga, pakuti dzina lenileni la chinthu ndi umboni woyamba woti anthu a pa chithunziwo ali ndi ntchito yawoyawo yokhala ndi chilankhulo chake. Kutanthauzira kubwere pambuyo pa dzinalo, m'mawu atatu kapena anayi.

Chachiwiri: funsani pomwepo, manja akadali akuda

Ili ndilo gawo limene ambiri amalidumpha, ndipo akalidumpha palibenso chimene chingawapulumutse ku ofesi. Mukangojambula chithunzi chimene mukuona kuti mudzachigwiritsa ntchito, dikirani munthuyo amalize chimene wagwira (musamuimitse ali ndi rodi m'manja, chifukwa marodi akapulumuka n'kugwera m'chitsime ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse), kenaka muonetseni chithunzicho ndi kumufunsa.

Funso loti "Mukuchita chiyani apa?" limabweretsa yankho lalifupi, loti "Tikukonza mjigo", chifukwa woyankhayo akuganiza kuti zambiri simungazimve. Mafunso amene amatsegula pakamwa pa mmisiri ndi atatu. Loyamba ndi loti, "Pamenepa mumayang'ana chiyani?" Lachiwiri, "Mwadziwa bwanji kuti vuto lili pamenepa?" Lachitatu, limene ine ndimalidalira kuposa onse, ndi loti, "Munthu wosadziwa akanalakwitsa chiyani pamenepa?" Funso lachitatuli limatulutsa luso lenileni, chifukwa luso ndi kusiyana kwa zimene wodziwa amachita ndi zimene mlendo akanachita, ndipo amisiri amakonda kufotokoza zolakwa zimene anaziona kwa ena.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi kuti tiyende nacho mpaka kumapeto. Maina ndawabisa, ndipo m'malo mwake ndilemba kuti Uje. Pa chithunzipo pali anthu atatu. Pakati pali mayi atakhala chonjuta pa simenti ya mjigo, pulanja ili m'dzanja lamanzere, chala chachikulu cha kumanja chikukankha kamphira kakuda kuti kalowe m'mpata wake. Sakuyang'ana kamera, ndipo nkhope yawo ndi yokwinya pang'ono. Kumanzere kuli bambo wagwira mbedza. Kumanja, chakumbuyo, kuli mnyamata akutsuka marodi amene ayalidwa pa mitengo iwiri yopingasa kuti asagunde dothi.

Nditafunsa mafunso atatu aja, m'kope mwanga munalowa izi. Mayiwo anati mjigo unkatulutsa madzi ochepa ngakhale munthu apope mwamphamvu, koma m'mawa madzi sankachedwa kufika. Ichi chinawauza kuti futuvavu ili bwino, chifukwa futuvavu ikamadontha madzi amatsika usiku ndipo woyamba kutunga amapopa nthawi yaitali asanaone dontho. Vuto linayenera kukhala pa pulanja. Asanamasule chilichonse anayesa: anapopa maulendo 40 athunthu, pafupifupi mphindi imodzi, ndipo m'ndowa munagwa malita 9, pamene mjigo wabwino sutsika pa malita 15 pa muyeso womwewo. Atatulutsa marodi 10, anapeza yusilo itaperepeseka mbali imodzi. Pa funso lachitatu anaseka nati wosadziwa amaika yusilo chozondotsa, milomo yake kuyang'ana pansi, kenaka amabwezera marodi onse, n'kudabwa kuti madzi sakubwera.

Onani kuti zonsezi sizikuoneka pa chithunzi. Kamera yangogwira mayi wokwinya nkhope ndi kachinthu kakuda.

Chachitatu: lembani maina ndi malo, ndipo pemphani chilolezo cha mawu omwe

Musanachoke, lembani dzina la aliyense wooneka bwino pa chithunzi, ndipo muwawerengere kalembedwe kake kuti avomereze. Ku Ntcheu, monganso ku Dedza, munthu mmodzi akhoza kudziwika ndi maina atatu: la pa chiphaso cha unzika, la mfunda, ndi la mwana wake woyamba, ndipo mayi amene mudzi wonse umawatcha ndi mfunda sangakondwe kuona dzina lawo la ubwana litasindikizidwa popanda ulemu uliwonse. Afunseni kuti akufuna alembedwe motani, ndiponso udindo wawo weniweni, kaya ndi wosamalira mjigo, msungichuma wa komiti, kapena mmisiri wa m'dera amene amayendera mijigo yambiri. Maudindowa ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza kumayambitsa kung'ung'udza kumene inu simudzakumva muli kutali.

Malo alembedwe ndi mudzi pamodzi ndi dera la mfumu yaikulu, monga kwa Inkosi Kwataine, kwa Njolomole kapena kwa Ganya, chifukwa maina a midzi amatsata maina a mafumu ndipo amabwerezeka. Tsiku nalonso lilembedwe.

Chilolezo chojambula anthu ambiri amachikumbukira, koma amaiwala kuti mawu nawonso amanena za munthu. Wina akhoza kulola kujambulidwa koma osafuna kuti zilembedwe kuti komiti yawo inatha miyezi iwiri isanasonkhe ndalama ya yusilo. Auzeni kumene chithunzicho chidzapita, ndi zimene mukufuna kunena za iwo. Ngati pa chithunzi pali ana, amene sasowa pa mjigo, musawatchule maina, ndipo ngati akuoneka bwino pezani kholo kapena wowalera.

Chachinayi: lembani chiganizo choyamba, ndipo limbanani ndi mneni

Mabungwe akuluakulu otola nkhani, monga Associated Press, amatsata kalembedwe kosavuta kamene kamagwiranso bwino ntchito m'Chichewa: chiganizo choyamba chimanena zimene zikuoneka, m'nthawi ya tsopano, pamodzi ndi dzina, malo ndi tsiku, chachiwiri chimapereka zimene sizikuoneka, kawirikawiri m'nthawi yapita. Tiyambe ndi choyamba.

Nayi njira imene mawu a chithunzi chathu anayendera. Poyamba ndikanalemba kuti:

"A komiti ya mjigo akugwira ntchito molimbika pofuna kuti anthu a m'mudzi akhale ndi madzi aukhondo."

Mawu amenewa ali ndi njira yowayesera yosavuta. Aikeni pansi pa chithunzi china chilichonse cha m'lipoti lomwelo, cha osesa pa mjigo, cha osonkha ndalama, ngakhale cha ovina pa mwambo wotsegulira. Akamakwana paliponse, ndiye kuti sakunena kanthu za chithunzi chanu. Awa akukwana paliponse.

Kuyesa kwachiwiri kunali kotere:

"Mjigo ukukonzedwa ndi a komiti m'mudzi mwa Uje."

Apa ntchito yatchulidwa, koma mneni wa "-dwa" waika mjigo patsogolo n'kukankhira anthu kumbuyo. Kawirikawiri olemba amafika pochotseratu ochitawo, n'kungoti "mjigo ukukonzedwa", ngati ukudzikonza wokha. Pa chithunzi cha anthu ali pa ntchito, munthu ndiye ayambe chiganizo, ndipo mneni akhale wa chimene manja ake akuchita pa mphindi imeneyo: akuveka, akumasula, akukoleka, akutsuka, akuyeza, akuwerenga. Aneni monga kuthandiza, kutenga nawo mbali, kuonetsetsa ndi kugwira ntchito ndi amene amabisa luso, chifukwa amakwana pa wodziwa ndi wongoonerera yemwe.

Pali vuto lina limene limapezeka m'Chichewa, ndipo limasocheretsa owerenga kuposa momwe olemba amaganizira. Mawu akuti "akuveka yusilo" akhoza kunena munthu mmodzi wolemekezedwa kapena anthu onse atatu. Woona chithunzi cha mayi mmodzi ndi amuna awiri, akapanda kuuzidwa bwino, nthawi zambiri amangoganiza kuti mmisiri ndi bambo wogwira mbedza uja, mayiwo n'kukhala othandizira. Choncho tchulani wochitayo ndi dzina, ndipo nenani pamene ali: pakati, kumanzere, kumanja. Kumanzere ndi kumanja ziwerengedwe monga momwe woyang'ana chithunzi akuonera. Chiganizo choyamba chinakhala chotere:

"Mayi Uje (pakati), wosamalira mjigo wa m'mudzi mwa Uje, kwa Inkosi Kwataine m'boma la Ntcheu, akuveka yusilo yatsopano pa pulanja pa 14 Ogasiti, milomo ya kamphirako ikuyang'ana kumwamba."

Mawu otsiriza aja, onena za milomo ya kamphira, ndiwo amene achokera ku funso lachitatu, ndipo amachita ntchito ziwiri. Kwa mmisiri wowerenga, ndi umboni woti mayiwo akuchita molondola. Kwa wosadziwa, ndi chizindikiro choti pali njira yolondola ndi yolakwika, ndipo maso ake amabwerera ku chithunzi kukayang'ana chala chachikulu chija, chimene poyamba sanachione.

Chenjerani ndi mbali imene ntchito ikulowera. Chithunzi sichinena ngati rodi ikutuluka kapena ikubwerera m'chitsime, ngati nati ikumangidwa kapena ikumasulidwa, ngati yusilo ili m'manjayo ndi yakale kapena yatsopano. Wolemba ali ku ofesi amangolota, ndipo akalota molakwa amisiri onse owerenga amadziwa kuti sanafunse. Nthawi imene foni inalemba pa chithunzi ikhoza kukuthandizani kudziwa chimene chinayamba, koma kope lanu ndilo lodalirika.

Chachisanu: chiganizo chachiwiri chinene chimene anadziwa, ndi nambala imodzi kapena ziwiri

M'kope muli zambiri, ndipo chiyeso n'chofuna kuzithira zonse: marodi 10, kuya kwa mamita pafupifupi 30, mabanja otunga pa mjigowo, mtengo wa yusilo, chaka chimene mayiwo anaphunzitsidwa. Mawu a pansi pa chithunzi sangasenze zonsezi. Sankhani chinthu chimodzi chimene chikusonyeza kuganiza kwa munthuyo, ndipo pa chithunzi chathu ndi kazindikiridwe ka vuto:

"Iwo anadziwa kuti vuto lili pa pulanja asanamasule mjigo, chifukwa unkatulutsa malita 9 okha pa maulendo 40 opopa ngakhale kuti madzi sankachedwa kufika m'mawa, ataukonza unatulutsa malita 16."

Manambala awiriwa ndi a muyeso umodzi, wochitika ntchito isanayambe ndi itatha, ndipo ndicho chifukwa chake ali ndi mphamvu. Ine ndinaona ndowa ikuyezedwa ndi chigubu cha malita 5 ndi botolo la lita imodzi, ndipo ndinalemba pomwepo. Nambala imene simunaione ikuyezedwa, koma mwangouzidwa, ilembedwe pamodzi ndi mwini wake: "malinga ndi kaundula wa komiti", kapena "malinga ndi Mayi Uje". Chiwerengero cha anthu omwa pa mjigo ndicho chimakula msanga pakamwa, makamaka alendo akabwera ndi galimoto, ndipo sichinena kanthu za luso la wokonza. Ngati lipoti likuchifuna, chili ndi malo ake m'nkhani yaikulu.

Onaninso kuti m'ziganizo ziwirizi mulibe mawu akuti waluso, wakhama, wodzipereka kapena katswiri. Mawu oyamikira otere amapempha wowerenga kuti akukhulupirireni, pamene malita 9 ndi 16 amamulola kuweruza yekha. Mulibenso lonjezo. Kulemba kuti "tsopano anthu sadzavutikanso ndi madzi" ndi bodza limene mmisiri aliyense amalizindikira, chifukwa yusilo, bobini ndi mabushi ndi zinthu zotha msanga zimene zimafunika kusinthidwa kawirikawiri, ndipo mayi omwewo adzatulutsanso marodi omwewo.

Nanga amuna awiri aja? Musawasiye opanda maina ngati mitengo ya kumbuyo kwa chithunzi, komanso musawapatse ntchito yosamveka. Chiganizo chachifupi chikwanira:

"Bambo Uje (kumanzere) agwira mbedza yokokera futuvavu kuti nayonso ionedwe, pamene a Uje (kumanja) akutsuka marodi amene ayalidwa motsatana pa mitengo kuti asatenge mchenga."

Kutsuka marodi kumaoneka ngati ntchito ya wotumidwa, koma mchenga wolowa m'silinda, momwe pulanja imayendamo, umadya yusilo yatsopano, ndipo dothi lolowa m'chitsime limaipitsa madzi akumwa. Mawu atatu akuti "kuti asatenge mchenga" akusandutsa mnyamata wotsuka zitsulo kukhala munthu wodziwa chifukwa chake akutsuka. Pa chithunzi cha gulu, aliyense apatsidwe mneni wake, ndipo pamene pali malo, chifukwa chake.

Ziganizo zitatuzi pamodzi zili ndi mawu 80, ndipo umenewu ndi utali woyenera chithunzi chachikulu cha m'lipoti kapena cha pa chionetsero. Pamene malo achepa, dulani kuchokera kumapeto kwa mzere wa zofunika: chotsani tsiku ngati lili kale m'nkhani, chotsani dera la mfumu ngati lipoti lonse ndi la dera limodzi, fupikitsani za amuna awiri aja kukhala maina ndi aneni awo. Chimene chiyenera kutsala mpaka kumapeto ndi dzina, mneni weniweni, dzina la chinthu, ndi chifukwa.

Zithunzi zovuta

Chithunzi cha gulu lomwetulira sichingapewedwe, chifukwa anthu eni ake amachifuna ndipo ali ndi ufulu wochifuna pambuyo pa ntchito yolemetsa. Cholakwa ndi kuchilembera ngati chikusonyeza ntchito. Nenani poyera kuti ajambulitsa atamaliza, kenaka gwiritsani ntchito mndandanda wa maina kugawa ntchito imene aliyense anachita: "Kuchokera kumanzere: a Uje, amene anatulutsa marodi, Mayi Uje, amene anasintha yusilo, Mayi Uje, msungichuma, amene anakagula zipangizo ndi ndalama zosonkha za komiti." Kumwetulira kumatsala pomwepo, koma tsopano wowerenga akudziwa kuti akumwetulirawo ndani. Musapatse munthu sipanala kuti agwire pofuna kukongoletsa chithunzi ngati sanaigwire tsiku lonse, ndipo ngati wina wachita kale zimenezo, musalembe kuti akumanga nati. M'mudzi aliyense akudziwa amene anagwira ntchito.

Pali chithunzi china chimene chimaoneka chopanda kanthu: bambo ataimirira pambali pa mjigo wosapopedwa, akuyang'ana wotchi ya pa foni. Wosankha zithunzi ku ofesi amachitaya, poganiza kuti munthuyo akucheza pa foni anzake akugwira ntchito. Komatu akuyesa ngati mjigo ukudontha. Amapopa mpaka madzi atuluke, nausiya kwa mphindi 30, kenaka n'kuwerenga maulendo opopa madzi asanabwerenso. Akapitirira 5, ndiye kuti futuvavu kapena paipi ikutaya madzi. Zithunzi za kudikira, kumvetsera, kuwerenga ndi kugwedeza chogwirira kuti amve ngati mabushi atha ndizo zimene zimafuna mawu kwambiri, ndipo nthawi zambiri ndi zimene zimasonyeza wodziwa kuposa zithunzi za thukuta.

Chovuta chachitatu ndi chithunzi chosonyeza kachitidwe kolakwika, monga marodi atatayidwa m'matope kapena pulanja itaikidwa pa dothi. Mawu sangachikonze. Mukalemba zoyamikira pansi pake, amisiri adzaseka inu ndi anthu a pa chithunziwo. Mukalemba zodzudzula, mwachititsa manyazi anthu amene anakulolani kuwajambula. Chisiyeni, musankhe china.

Chachisanu ndi chimodzi: bwezani mawu kwa eni ake

Mukamaliza kulemba, imbirani foni munthu wa pa chithunzi kapena mmisiri wa m'deralo, muwawerengere mawuwo monga alili. Musafunse kuti "Zili bwino?", chifukwa mwaulemu adzangovomera. Funsani kuti, "Pali dzina la chipangizo limene ndalakwitsa? Pamenepa munkaveka kapena munkavula?" Pa chithunzi chathu, mayi aja anandikonza pa chinthu chimodzi. Ndinali nditalemba kuti bambo wa mbedza "akukoka futuvavu", ndipo iwo anati pa nthawiyo anali asanayambe, anangoigwira akudikira kuti pulanja ichoke panjira. Ndicho chifukwa chake mawu omaliza akuti "agwira mbedza". Kusiyanaku ndi kochepa, koma mbedza siingakoke futuvavu ili m'manja mwa munthu woimirira kutali ndi chitsime, ndipo wodziwa akanaona.

Ngati lipoti likufunika m'Chingerezi, yambani ndithu kulemba m'Chichewa kuchokera m'kope, muwerengere eni ake, kenaka mumasulire. Mukayamba ndi Chingerezi cha m'malipoti, mawu ozolowereka a m'maofesi amafika okha n'kukankha zimene mayi aja ananena, ndipo pomasulira kubwerera m'Chichewa mumapeza anthu "akulimbikitsidwa" ndi "kupatsidwa mphamvu" pamene iwo ankaveka yusilo.

Kusunga mawu pamodzi ndi chithunzi

Mawu olembedwa bwino amatayika mosavuta chithunzi chikayamba kuyenda m'manja mwa anthu. Mawu amene mwalemba potumiza chithunzi pa WhatsApp amakhala mu uthengawo, ndipo wolandira akasunga chithunzicho m'foni kapena m'kompyuta yake chimatsala chokha. Komanso chithunzi chotumizidwa mwa njira wamba chimachepetsedwa ndipo zolembedwa za mkati mwa failo zimachotsedwa. Kuti zisungike, chitumizeni posankha `Document`. Mapulogalamu ambiri osamalira zithunzi ali ndi malo otchedwa `Caption` kapena `Description`, amene amalemba mawu mkati mwa failo momwemo motsata muyezo wa IPTC, umene mabungwe otola nkhani amagwiritsa ntchito pa zithunzi zawo, ndipo mawu omaliza, ovomerezedwa ndi eni ake, ndi amene ayenera kulowa mmenemo. Ngati mulibe pulogalamu yotere, patsani failo dzina lokhala ndi tsiku, ntchito ndi nambala, monga ili:

```
0814_mjigo_yusilo_03.jpg
```

Kenaka sungani chikalata chimodzi m'foda yomweyo chokhala ndi dzina la failo lililonse, mawu ake, ndi chizindikiro chosonyeza kuti chilolezo chinaperekedwa ndi yani, pa ntchito yanji. Patapita chaka, wina wa mu ofesi amene sanafikeko ku mudziko adzafuna chithunzi cha "amayi ndi madzi" choika pa kalendala, ndipo akachipeza chili ndi dzina la Mayi Uje, yusilo ndi malita 9 ndi 16, adzayenera kuchita kufufuta dala kuti alembe kuti akusangalala.